Machaji pa Thumba la Maliro

Ndinasunga thumba la maliro la azimayi a mumsika mwathu m'komboni ya George kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Tinalipo makumi awiri ndi awiri: a tomato, a makala, a zovala zakale za salaula, ndi ine wa tinsomba touma ta kapenta ndi nyemba. Mwezi ukatha aliyense ankaponya K20. Imfa ikalowa m'nyumba ya mmodzi wa ife, thumbalo linkagula ufa ndi kabichi wa pamaliro, n'kuthandizako pa bokosi ndi pa lole yopita kumanda ku Chingwere. Anandisankha kukhala msungichuma osati chifukwa ndinali woyera mtima kuposa anzanga ayi, koma chifukwa manambala ndinkalemba osakhota, ndiponso ndinali waliuma. Ankati munthu waliuma sakongoza ndalama za eni, ndipo sankanama.

Zaka zoyambirira ndalamazo zinkagona m'chitini cha mabisiketi, pansi pa zovala m'sutukesi yanga. Kenaka mbala zinathyola nyumba ya aneba athu dzuwa likuswa mtengo, n'kutenga ngakhale mapoto. Kuyambira pamenepo ndikakhala pamsika mtima unkakhala kunyumba. Ndiye tsiku lina anthu a banki ina ya m'tauni atabwera kudzamanga tenti pachipata cha msika, ndi zokuzira mawu ndi malaya ofanana, ndinali ine amene ndinakakamiza anzanga kuti ndalama zipite kubanki. Atcheya athu, mayi wamkulu wogulitsa impwa ndi chibwabwa, sanafune. Ankati ndalama imene suiona ndi maso si yako. Ndinawaseka kuti ndi achikale, ndipo pamapeto pake analola.

Mayi wa m'tentimo anatiuza kuti akaunti ya gulu imafuna malamulo a gulu olembedwa, maminitsi a msonkhano ndi mareji, ziphaso zaunzika, a onse osayinira. Ife tinalibe chilichonse cha zimenezo, tinali ndi kabuku kanga basi. Anati njira yachidule ndi kutsegula m'dzina langa. Ndinapereka reji yanga, iye n'kulemba fomu yonse ndi dzanja lake, mofulumira ngati akuthamangitsidwa, pakuti mzere unali wautali.

"Sayinani apa, na apa, na apa, ba mami. Vasila," anatero, kutanthauza kuti zatha.

Ndinasayina. Kuwerenga ndimadziwa, koma kwathu munthu amene wakupatsa mpando, akukumwetulira ndi kukulembera, sumuuza kuti taimani ndione ngati simukundinamiza. Zimaoneka ngati chipongwe. Komanso anzanga anali ataima kumbuyo kwanga akundiyang'ana ngati munthu wodziwa za mabanki, ndipo sindinafune kuti aone ndikuloza mawu a Chingerezi ndi chala.

Mwezi ndi mwezi ndinkakwera minibasi kukasiya K440, n'kubwera ndi kapepala kodinda kokamata m'kabuku. Kapepalako kamangonena zimene waika, sikanena zimene zatsala. Patapita miyezi itatu ndinalowetsa khadi la banki m'makina a pakhoma kuti ndione, ndipo nambala imene inatuluka inali yochepa ndi K195 poyerekeza ndi ya m'kabuku. Ndinawerenga kawiri, ndinawerenga katatu. Ndinalowa mkati n'kufunsa munthu wa pawindo.

"Ni machaji chabe, ba mami," anatero asanandiyang'ane n'komwe. "Wotsatira!"

Ndinatuluka ngati wathiridwa madzi ozizira. M'minibasi ndinagawa ndalamayo patatu ndipo inakwana K65 pamwezi, pafupifupi mtengo wa thumba la ufa masiku amenewo. Chanzeru chinali chodziwikiratu: kukafika pamsika, kuitana anzanga, n'kunena kuti amayi, banki ikudula. Koma ndikaganiza nkhope ya atcheya, ndi mmene ndinawasekera, ndinkabwerera m'mbuyo. Ndinali nditanena ndekha pagulu kuti kubanki ndalama imagona tulo. Mawa lake ndinatenga K195 pa mpamba wanga wa kapenta n'kukaika mwakachetechete. Ndinadziuza kuti ndi kamodzi kokha, ndidzafufuza bwino ndikapeza mpata.

Mpatawo sunapezeke. Mwezi uliwonse ndinkaika za gulu, kenaka n'kulemba kapepala kena ka K65 yanga, kamene ndinkang'amba ndisanafike pasiteshoni. Ndinachita zimenezi mpaka mwezi wa khumi ndi umodzi. Ndikamakumbukira tsopano ndimadabwa kuti ine amene ndinkakangana ndi kondakitala chifukwa cha chenji ya mangwee, ndinkapereka thumba la ufa mwezi ndi mwezi kwa anthu amene sanandiuze n'komwe kuti ndikugula chiyani. Manyazi ndi okwera mtengo, ndipo ine ndinkawagula osanenerera.

Kenaka zinthu zinathina. Kwacha inagwa, magetsi ankathima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amuna a m'komboni amene ankawotcherera mageti ndi kumeta anthu ankangokhala pamthunzi kudikira. Mwamuna wanga, amene ankaumba mabuloko, ankatha sabata osaitanidwa. Anthu anasiya kugula ufa wa thumba, n'kumagula timapaketi ta pamela tokwana mphika umodzi. Kapenta amene ndinkagulitsa pa mbale anayamba kugulidwa pa kamulu kokwana m'dzanja. Miyezi itatu yotsatizana ndinalephera kutseka dzenje lija, ndipo linafikanso pa K195. Chaka chomwecho maliro anachuluka, thumba n'kupepuka.

Mwamuna wa mayi wina wa m'gulu lathu, wogulitsa makala, anamwalira Lachiwiri. Mayiyu anali mnzanga wa benchi yoyandikana, wamawu okuluwika koma wosaphonya chopereka ngakhale mwezi umodzi. Gulu linagwirizana kuti zonse zotsala m'kabuku zipite pamaliro amenewo. Ndinakatapa zonse zimene banki inalola, ndinagula ufa ndi kabichi, ndinapereka gawo la bokosi, ndipo pa ndalama ya lole panaperewera ndendende K195 ija. Ndinayesa kukongola kwa anthu awiri, onse anandionetsa m'manja. Ndinapita kwa mwini lole pambali kumupempha kuti adikire mpaka Loweruka. Iye sanadziwe za pambali. Anazimitsa injini n'kunena mokweza kuti dizilo sagula ndi Loweruka.

Bokosi linakhala padzuwa kutsogolo kwa nyumba, amayi a kwaya akubwereza nyimbo yomweyo, amuna akuyendetsa chipewa chosonkhera ndalama yopereweray. Sizinatenge nthawi yaitali kwambiri, mwina theka la ola, koma sindinaonepo theka la ola lalitali choncho. Namfedwa anali pamphasa atafunda chitenge kumutu. Anangokweza maso n'kundiyang'ana.

Patatha sabata tinakumana kuseri kwa msika, pamene tinkachitira misonkhano yathu. Ndinafotokoza kuti banki imadula machaji. Za ndalama zanga zimene ndinkaika sindinanene.

"Machaji ya chani?" anafunsa mayi wa makala uja, mawu ali osasa chifukwa cha kulira. "Banki siikuba, ili na magadi pa geti. Akaunti ili mu zina yanu, khadi muli nayo ndimwe. Manje ise tizaziba bwanji? Tionetseni vamene vinadya ndalama."

Ndinalibe choonetsa. Ndinali ndi mawu a munthu wa pawindo okha, amenenso sanandiyang'ane. Atcheya anati andipatsa mpaka kutha kwa mwezi wotsatira kuti ndibweretse umboni, apo ayi nkhani ipita kwa akuluakulu a msika. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Munthu amene wadya za maliro sakhalitsa pabenchi, ndipo ngakhale atakhala, palibe amene angamugule. Mawa lake pokatunga madzi pakiyosiki ndinapeza azimayi akucheza, nditafika onse anayamba kuyang'ana zigubu zawo. Zinandipweteka kwambiri, makamaka chifukwa ndikanakhala iwo ndikanaganiza chimodzimodzi.

Amene anandipatsa nzeru ndi mlamu wanga, mchimwene wa mwamuna wanga, amene anali mlonda pachipata cha banki ina kwa zaka zambiri. Sankadziwa za maakaunti, koma anali ataona anthu ambiri akulowa okwiya n'kutuluka okwiya.

"Mulamu, va pakamwa vimasilira pa kaunta," anatero. "Lembani kalata, makope yabili. Imozi muwasiyile, inangu bakudindileni na deti. Musachoke kulibe chidindo. Pepala ya chidindo bamaiyopa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakhala pabenchi langa masana, kasitomala kulibe, n'kulemba m'Chingerezi changa cha sukulu yosamaliza. Ndinang'amba mapepala atatu chifukwa mkwiyo unkalowamo wambiri. Pepala lachinayi linali lalifupi. Ndinalemba dzina langa ndi nambala ya akaunti, n'kupempha zinthu zitatu: sitetimenti kuyambira tsiku lotsegula, kalata yofotokoza dzina ndi mtengo wa chilichonse chimene amadula pamwezi pamodzi ndi pamene ndinavomereza, ndiponso kubwezeredwa chilichonse chimene sindinavomereze. Ndinakachita fotokope kukomboni ina, ku Lilanda, pakuti kwathu magetsi kunalibe.

Ulendo uno sindinapite pawindo la ndalama. Ndinakhala pamzere wa tebulo la madandaulo, pamene panali mayi wa magalasi, wamsinkhu wa mng'ono wanga. Anawerenga kalatayo n'kuyamba kundifotokozera pakamwa, akutembenuzira kompyuta kwa ine kuti ndione.

"Nimvela, ba sisita," ndinatero, "koma ine nili na bazimai twente-wanu kumbuyo kwanga, sibangabwele bonse kuona kompyuta yanu. Nifuna pa pepala."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndikuganiza kuti anamvetsa, chifukwa sanatsutsenso. Anati sitetimenti ya miyezi yonseyo ndi yolipira pa tsamba lililonse, ndipo ndinaseka ndekha kuti ngakhale kufunsa chimene akudula n'kodulidwanso. Ndinalipira za m'thumba mwanga. Anadinda makalata onse awiri, n'kulemba nambala ya dandaulo pakona ya yanga. Anati fomu imene ndinasayina m'tenti ili kulikulu, ayenera kuiitanitsa, ndipo yankho lidzatenga masiku.

Sitetimenti ndinaiwerengera m'minibasi. Kumapeto kwa mwezi uliwonse kunali mizere itatu, K30, K10 ndi K25, yokhala ndi zilembo zodukaduka zimene ngakhale mphunzitsi sakanazimasulira. Koma chimene chinandiumitsa pakamwa si chimenecho. Pakati pa ndalama za gulu panali mizere ina yaing'ono yolowa, K195 kamodzi, kenaka K65, K65, K65, mwezi ndi mwezi. Timapepala ndinkang'amba tija banki inali itatisunga tonse.

Ndinabwererako kawiri. Ulendo woyamba anati fomu sinafike. Wachiwiri anati bwana amene ayenera kusayina ali kumsonkhano. Ulendo uliwonse unali ndalama ya minibasi ndi tsiku lotseka benchi, ndipo mwezi wa atcheya unali kutha. Ulendo wachitatu ndinaika kalata yanga yodinda patebulo n'kunena, mwaulemu ndithu koma mokweza pang'ono, kuti ngati yankho kulibe andilembere pamenepo kuti kulibe, ndipite nayo kulikulu lawo, ndipo kukakanika kumeneko ndikafika ku banki yaikulu ya boma imene imayang'anira mabanki onse. Sindinkadziwa n'komwe khomo lake, mlamu ndiye anandiuza kuti iliko. Mayi wa magalasi analowa mkati, ndipo patapita nthawi anandiitanira mu ofesi ya bwana wa nthambiyo.

Bwanayo anali ndi fomu yanga patebulo ndi kalata ya masamba awiri. Anandifotokozera mzere ndi mzere. K30 inali yosungira akaunti mwezi uliwonse. Akaunti imene ananditsegulira inali ya anthu olandira malipiro ndi ochita malonda, osati yosungira chabe, ndipo mtengo wake unali pa tsamba limene ndinasayina. Anandionetsa siginecha yanga, ndipo sindikanaikana. Imeneyo anati sabweza. K10 inali ya mauthenga a pafoni odziwitsa ndalama ikalowa kapena ikatuluka. Ndinati sindinalandirepo ngakhale umodzi. Anati n'zoona, pafomu nambala yanga ya foni inali bwino, koma amene anailowetsa m'kompyuta analakwitsa nambala imodzi. Ndiye kuti kwinakwake munthu wosadziwika ankadziwa za thumba lathu kuposa ife eni ake. Imeneyo anavomera kubweza.

"Nanga K25?" ndinafunsa.

Anakhosomola pang'ono. Anati ndi inshuwalansi ya maliro. Pafomu panali kabokosi kochongedwa, koma pamzere wosayinira gawo limenelo panalibe kanthu, choncho sankayenera kudula, ndipo abweza yonse n'kuitseka.

"Malilo ya ndani?"

"Yanu, ba mami. Mwini akaunti."

 Miyezi khumi ndi inayi, thumba la maliro la azimayi makumi awiri ndi awiri linkalipira bokosi la munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndinali ine. Tsiku lija bokosi la mwamuna wa mnzanga linali padzuwa, langa linali lolipiriratu. Sindinachonge ine kabokosiko, kalata inanena momveka, komabe ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndi nkhuku ya eni m'manja.

Zobweza zonse zinakwana K490, ndipo zinalowa mu akaunti patatha masiku anayi. Zosungira akaunti, K420, zinapita. Ndinafunsa bwanayo chifukwa chake munthu wa m'tenti sanandiuze kuti pali akaunti ina yotchipa. Anati sangayankhire zimene zinanenedwa pakamwa, iye akuona zimene zinasayinidwa. Ndinakwiya, koma ndinadziwa kuti ndi lamulo lomwelo limene linandipambanitsa pa mizere iwiri inayo.

Ndinaganiza zopita kumsonkhano ndi kalata yokha, sitetimenti n'kuisiya m'sutukesi. Kalatayo inali yokwanira kunditsuka. Koma manambala sakanagwirizana. Aliyense wodziwa kuwerengera akanafunsa kuti ngati banki inadula miyezi khumi ndi inayi, bwanji panaperewera za miyezi itatu yokha. Ndipo azimayi a mumsika, ngakhale amene sadziwa kulemba dzina lawo, pa kuwerengera ndalama sungawapusitse. Ndinatenga zonse.

Ndinawerenga kalatayo m'Chingerezi, kenaka n'kuimasulira. Pa nkhani ya mauthenga anaseka. Pa nkhani ya inshuwalansi mayi wina wa salaula anatembenukira kwa ine nati, "Kansi ba tirezhara munali pafupi kuyenda na bokosi ya magalasi!" ndipo ena anaseka, ena ayi. Ndinaika K490 pachitenge pakati pathu. Mapepala anayenda m'manja, aliyense akugwira chidindo ndi chala. Atafika kwa mayi wa makala anawasunga nthawi yaitali. Sankawerenga mawu, koma manambala ankawadziwa.

"Utu tung'ono-tung'ono tumene tungena, ni twa ndani?" anafunsa. "Ise timaika fo-foti."

"Ni twanga," ndinatero. Ndinafotokoza zonse, kuyambira tsiku la makina a pakhoma.

Ndinkayembekeza, ndivomere, kuti wina anena kuti mayi uyu ndi wabwino, taonani mmene anadzipweteka chifukwa cha ife. Palibe ananena. Atcheya anatenga ndalama zija n'kuwerenga K195, n'kupereka kwa mayi wa makala kuti ndi ya lole imene gulu linamulonjeza. Zotsalazo, K295, anandiikira m'manja, nati ndi zanga, gulu silidya thukuta la munthu. Kenaka analankhula, osakweza mawu.

"Mwana wanga, simunabe, ise tonse taona. Amene anakamba kuti munaba abweze mau. Koma munaziba mwezi wachitatu. Sembe munatiuza, sembe tinakalipa, tinakusekani, na kuchosa ndalama zathu. Imwe munasankha kuti tisakusekeni. Matenda mubisa, malilo tizamva. Ise tinamvela pa malilo ya mwamuna wa munzathu."

 Anagwirizana kuti akaunti itsekedwe, alembe malamulo a gulu, atsegule ina ya osayinira atatu, ndipo sitetimenti izibwera pamsonkhano kuti aliyense aziigwira. Pa atatuwo dzina langa silinatchulidwe. Atcheya anatambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa kabuku kamene ndinasunga zaka zisanu ndi chimodzi.

Anthu atabalalika mayi wa makala anatsalira, akumanga ndalama ija pakona ya chitenge. Ndinamuuza kuti andikhululukire. Anamaliza kumanga mfundo yake, n'kuikoka ndi mano.

"Nabweza mau, simuli kawalala," anatero. "Koma pa ija siku, sembe munabwela chabe pa mphasa kuninong'oneza mu kwatu kuti ndalama yapelewela. Ninali nayo ya makala mu nyumba. Sembe mwamuna wanga sanagone pa zuba."